Kuika Magetsi a Sola M'nyumba Yatsopano: Poika Batire, Njira za Mawaya ndi Mafyuzi

Mabanja ambiri kuno ku Mangochi amagula panelo, batire ndi mababu nyumba itatha kale kupakidwa pulasitala, kenako n'kuyamba kukoleka mawaya pa misomali m'makoma. Pakatha miyezi yochepa babu lakuchipinda chakumapeto limayamba kuwala mozilala, batire imatha nthawi yogona isanakwane, ndipo m'nyumba zina waya amasungunuka m'denga chifukwa panalibe fyuzi. Zipangizo nthawi zambiri zimakhala zilibe vuto. Cholakwika chimakhala malo amene anaika batire, kuonda kwa waya ndi kutalika kwa njira imene wayayo wadutsa, ndipo zonsezi zimakonzeka mosavuta makoma asanapakidwe.

Malangizo awa ndi a magetsi a 12V ongounikira ndi kutchajira mafoni. Titsatira nyumba imodzi ya zipinda ziwiri zogona, pabalaza, khitchini, bafa ndi khonde, kuti ziwerengero zonse zioneke pamene zachokera.

## Zofunika kukhala nazo

- Panelo ya 100W ndi zitsulo zoimangirira padenga
- Batire ya sola ya 12V, 100Ah, osati ya galimoto
- Kontirola ya 10A, yomwe imayang'anira kutchaja ndi kuzimitsa magetsi batire ikatsika
- Mababu a LED a 12V, a 5W, asanu ndi limodzi, ndi zokolekamo zake
- Waya wa kopa wa 4mm² wa panelo ndi batire, ndi wa 2.5mm² wa mababu, wofiira ndi wakuda
- Mapaipi a pulasitiki a mawaya a 20mm, zokhotetsera zake, mabokosi a maswichi ndi mabokosi olumikizira
- Mafyuzi a galimoto: imodzi ya 15A, imodzi ya 10A, atatu a 5A, ena osungira, ndi zoikamo zake
- Maswichi, zolumikizira mawaya za masikuluwu, tepi ndi chotchajira mafoni cha 12V
- Mita yoyezera magetsi, pulayala, sikuludiraiva, tchizulo, hamala ndi choko

Pogula waya, palani pang'ono nsonga yake ndi mpeni. Ngati pansi pa mtundu wofiirira patuluka chitsulo choyera, ameneyo ndi waya wa aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa. Amataya mphamvu yambiri ndipo amathyoka msanga pa masikuluwu, choncho musiyeni ngakhale atsike mtengo chotani.

## 1. Werengani mphamvu imene nyumba idzagwiritsa ntchito

Chulukitsani mawati a babu lililonse ndi maola amene lidzayaka pa tsiku. M'nyumba yathuyi babu la pabalaza liyaka maola 5, zomwe zikupereka 25Wh. Zipinda ziwiri maola atatu chilichonse, 30Wh. Khitchini maola atatu, 15Wh. Bafa ola limodzi, 5Wh. Ndipo la pakhonde liyaka usiku wonse, maola 11, zomwe ndi 55Wh. Tikaonjeza mafoni atatu pa 15Wh iliyonse, zonse pamodzi zikukwana 175Wh. Tikagawa ndi mavoloti 12 a batire, tikupeza kuti nyumbayi imatapa pafupifupi 15Ah m'batire tsiku lililonse.

Batire ya mtovu siyenera kutsitsidwa kupitirira theka, choncho pa batire ya 100Ah mumangodalira 50Ah. Imeneyi ikukwanira masiku atatu a mitambo, monga amene timaona mu Januwale ndi Febuluwale mvula ikakhazikika. Panelo ya 100W pa tsiku la dzuwa labwino imabweza pafupifupi kawiri mphamvu imene nyumbayi yagwiritsa ntchito, ndipo yotsalayo ndi imene imadzazanso batire mitambo ikachoka.

Chenjezo: onani kuti babu la pakhonde lokha likudya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yonse. Anthu ambiri amaliiwala powerengera chifukwa ndi limodzi, koma ndi limene limamaliza batire m'bandakucha.

## 2. Sankhani malo a batire musanajambule njira ya waya aliyense

Apa ndi pamene ndimapempha eni nyumba kuti asafulumire, chifukwa njira zonse za mawaya zimayambira pa batire. Malowo akhale pakati pa nyumba, kuti pasakhale babu lotalikira kwambiri. Mu nyumba yathuyi malo abwino ndi kachipinda kosungiramo katundu kapena kumapeto kwa kanjira ka pakati pa zipinda, pa khoma lam'kati.

Chachiwiri ndi kutentha. Batire ya mtovu imakhalitsa pa kutentha kwa madigiri 25, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10 pamwamba pa pamenepo, moyo wake umafupika ndi theka. Aliyense amene anakhalapo pa boma la Mangochi kapena ku Makanjira mu Okutobala ndi Novembala akudziwa kuti masana kumapitirira madigiri 35, ndipo khoma lakumadzulo limakhala lotentha mpaka usiku. Musatsamiritse batire pa khoma limenelo, musaiike m'siling'i pansi pa malata, ndiponso musaiike m'khitchini pafupi ndi mbaula. Amene akumanga kumapiri a Namwera ali ndi mwayi wa nyengo yozizirirapo, koma ife a m'mbali mwa nyanja tiyenera kuisakira mthunzi batire monga momwe timausakira mtsuko wa madzi akumwa.

Chachitatu ndi mpweya. Batire yothira madzi ikamatchajidwa imatulutsa mpweya woyaka, umene umakwera m'mwamba ndipo ungaphulike utakumana ndi kamoto kakang'ono. Uzani amisiri omanga asiye zibowo ziwiri zolowera mphepo, china pansi china pamwamba pa khoma, ndipo mutchingepo ndi waya wa sefa kuti makoswe asalowe. Musaiike m'chipinda chogona kapena m'kabati yotsekeka, ndipo nyali ya parafini, kandulo ndi fodya zisamafike pamenepo. Batire yomata, imene sathiramo madzi, imatulutsa mpweya wochepa, komabe nayonso isatsekeredwe m'bokosi lopanda zibowo.

Ikani batire pa thabwa lokwera masentimita 15 kapena 20 kuchokera pansi, m'bokosi lamatabwa la zibowo lokhala ndi chivundikiro. Simenti yokha siimwa moto wa batire monga ena amanenera. Chifukwa choikwezera ndi madzi okolopera ndi madzi a mvula amene amalowa m'nyumba za kuzidikha. Chivundikirocho chimateteza ana, ndiponso chimaletsa kuti chikwanje kapena supuni igwere pa mitu iwiri ya batire nthawi imodzi.

Kontirola ikhomedwe pa khoma, pa msinkhu wa maso, mtunda wosapitirira mita imodzi ndi theka kuchokera pa batire. Ikhale chapambali, isakhale pamwamba penipeni pa batire yothira madzi, chifukwa nthunzi ya asidi imadya zitsulo zake.

## 3. Jambulani njira ndi kukwirira mapaipi pulasitala asanapakidwe

Tengani choko ndipo muyende m'nyumba yonse pamodzi ndi amene adzakhalemo, mukulemba pamene padzakhale swichi ndi babu. Swichi ikhale pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 30 kuchokera pansi, mbali imene kuli chogwirira cha chitseko, kuti chitsekocho chisamaibise.

Kuchokera pa swichi, paipi ikwere molunjika mpaka pamwamba pa khoma. Musadutsitse paipi mopingasa khoma chamtanda pofuna kufupikitsa njira, chifukwa zaka zikubwerazi wina adzakhoma msomali wa kalendala pamenepo osadziwa kuti mkati muli waya. Njira ikakhala yolunjika pamwamba pa swichi, aliyense amatha kuiganizira. Semani ngalande m'njerwa ndi tchizulo, yakuya moti paipi ibisike yonse, koma musaseme konkire ya pamwamba pa zitseko ndi mawindo. Lowetsani chingwe chokokera m'paipi iliyonse, tsekani kukamwa kwake ndi pepala kuti matope a simenti asalowe, ndipo jambulani makoma onse ndi foni amisiri asanapake.

M'denga mawaya apitirire kuyenda m'mapaipi omangiriridwa ku matabwa, motalikirana ndi malata amene masana amatentha moti munthu sangawagwire. Waya wongogonekedwa pa siling'i ndi chakudya cha makoswe. Polumikizira paliponse pakhale m'bokosi lotsekeka limene munthu angalifikire, ndipo m'kati mwa paipi musakhale mfundo ngakhale imodzi.

Gawani nyumba m'mizere itatu yochokera pa kontirola. Mzere woyamba utenge pabalaza, khitchini ndi khonde. Wachiwiri utenge zipinda ziwiri ndi bafa. Wachitatu ukhale wa chotchajira mafoni. Mzere umodzi ukavuta, nyumba yonse siikhala mumdima, ndipo pofufuza vuto mumadziwa poyambira.

Chenjezo: ngati mukuyembekezera kudzalumikiza magetsi a ESCOM, ikirani mapaipi ake padera. Mawaya a 12V ndi a 230V asayende m'paipi imodzi kapena kukumana m'bokosi limodzi, ndipo ntchito ya 230V ndi ya mmisiri amene ali ndi chiphaso cha MERA.

## 4. Sankhani kukula kwa waya poyang'ana mtunda

Pa magetsi a 230V kutaya voloti imodzi m'njira sikuoneka n'komwe, koma pa 12V voloti imodzi ndi gawo lalikulu. Kutsika kwa mphamvu m'waya wa kopa kumawerengedwa motere:

```
kutsika (V) = 0.0175 × mamita × maampu ÷ mm²
```

Mamita ake ndi a ulendo wopita ndi wobwerera, chifukwa magetsi amapita pa waya wofiira n'kubwerera pa wakuda. Apa ndi pamene ambiri amaphonya: amayeza mtunda kamodzi kokha.

Tiyeni titenge mzere wa kuzipinda. Uli ndi mababu atatu a 5W, omwe pamodzi amakoka maampu 1.25, ndipo kuchokera pa kontirola kukwera m'denga, kutsikira ku swichi ndi kukafika pa babu lomaliza ndi mamita 15, kutanthauza mamita 30 kupita ndi kubwerera. Tiwerengera ngati mababu onse ali kumapeto, kuti tisadzinamize. Waya wa 2.5mm² ataya mavoloti pafupifupi 0.26, zomwe n'zovomerezeka. Wa 1.5mm² ataya 0.44, zomwe zili m'malire ndipo sizikusiya mpata woonjezera babu lina. Kawaya kowonda ka 0.5mm², kamene ena amagula poti n'kotsika mtengo, kataya mavoloti 1.3, ndipo batire ikatsikako usiku babu lomaliza liyamba kuphethira. Lamulo losavuta kukumbukira n'lakuti kutsikaku kusapitirire theka la voloti.

Pakati pa panelo ndi kontirola pamadutsa maampu pafupifupi 5.5 dzuwa likakhala paliwombo. Pa mtunda wa mamita 6, waya wa 4mm² ataya mavoloti osakwana 0.3. Pakati pa kontirola ndi batire gwiritsaninso ntchito 4mm², ndipo akhale wamfupi, chifukwa kontirola imaweruza ngati batire yadzaza poyeza mavoloti pa waya ameneyu.

## 5. Mangani panelo

Mangochi ili kum'mwera kwa mzere wogawa dziko pakati ndi madigiri opitirira pang'ono 14, choncho panelo iyang'ane kumpoto, itapendekeka madigiri pafupifupi 15. Kupendekekaku kumathandizanso kuti mvula izitsuka fumbi. Siyani mpata wa masentimita 10 pakati pa panelo ndi malata kuti mphepo izidutsa, chifukwa panelo ikatentha imapereka mphamvu yochepa. Zitsulo zake zimangidwe ndi mabawuti ku matabwa a denga; mphepo ya mwera ikayamba m'miyezi yozizira, panelo yongotsamiritsidwa ndi njerwa siichedwa kugwa. Onaninso kuti mthunzi wa mtengo wa mango kapena wa mgwalangwa usagwerepo pakati pa 9 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana, poti mthunzi wa pa ngodya imodzi yokha umatsitsa mphamvu ya panelo yonse.

Waya wa panja akhale m'paipi kuti dzuwa lisaumitse khungu lake. Alowe m'nyumba pansi pa denga, asakhudze m'mphepete mwakuthwa mwa lata, ndipo asanalowe m'khoma mupindeni atsike pang'ono n'kukweranso, kuti madzi a mvula azidontha panja m'malo motsatira waya mpaka pa kontirola.

## 6. Ikani mafyuzi

Ntchito ya fyuzi ndi kupsa waya asanapse. Batire ya 100Ah ikachita shoti imatulutsa maampu mazana ambiri pa kamphindi, okwanira kufiiritsa waya ngati khala. Ndinaitanidwapo ku nyumba ina cha ku Mpondasi kumene khoswe anatafuna mawaya awiri m'denga. Mwini nyumba anamva fungo la pulasitiki, ndipo pamene ankathamangira kukazula waya pa batire, khungu la wayayo linali litasungunuka kale n'kusiya mzere wakuda pa thabwa la denga, utali wa mkono wonse. Chikhala kuti kunalibe munthu pakhomo, nyumba ikanapita. Panalibe fyuzi paliponse.

Fyuzi yoyamba, ya 15A, ikhale pa waya wofiira wochokera ku batire, mtunda wosapitirira masentimita 20 kuchokera pa mutu wa pozitivi. Kuiika pafupi ndi kontirola n'kulakwitsa, chifukwa chigawo chonse cha waya chapakati pa batire ndi fyuzi chimakhala chopanda chitetezo. Kenako mzere uliwonse mwa itatu ija ukhale ndi fyuzi yake ya 5A pa waya wofiira, pamene ukuchokera pa kontirola. Mzere wa mababu atatu umakoka maampu 1.25 okha, choncho fyuzi ya 5A siipsa popanda chifukwa, ndipo pakachitika shoti imaduka waya wa 2.5mm² asanafunde n'komwe. Panelo imodzi yokha siingathe kupsereza waya wa 4mm², poti ngakhale pa shoti imangotulutsa maampu pafupifupi 6, koma fyuzi ya 10A pa waya wake wofiira imakupatsani pothimitsira pokonza zinthu.

Mafyuzi a galimoto amadziwika ndi mitundu: ya 15A ndi yabuluu, ya 10A ndi yofiira, ya 5A ndi yachikasu chodera. Lembani pa khoma pafupi ndi bokosi lake kuti fyuzi iliyonse ndi ya mzere uti, ndipo mafyuzi osungira amatidwe ndi tepi pomwepo.

## 7. Lumikizani maswichi ndi mababu, kenako yezani

Waya wofiira ndi amene adutse pa swichi, wakuda apite molunjika ku babu. Mababu ambiri a 12V sayaka mukatembenuza mawaya; pa chokolekamo chopotokola, wofiira apite pa kachitsulo ka pakati. Mangani mawaya pa zolumikizira za masikuluwu ndipo mukoke pang'ono waya aliyense kuti muone ngati wagwira. Kupota mawaya ndi zala n'kukulunga tepi sikukhalitsa kuno, chifukwa kutentha kumasungunula ulimbo wa tepi ndipo chinyezi cha kunyanja chimabweretsa dzimbiri pa mfundoyo.

Musanalumikize batire, chotsani mababu onse ndi chotchajira mafoni, yatsani maswichi onse, ndipo ikani mita pa chizindikiro cholira. Gundani waya wofiira ndi wakuda wa mzere umodziumodzi. Mita ikalira ndiye kuti mawayawo akukhudzana penapake, ndipo muyenera kupeza malowo musanapitirire.

## 8. Lumikizani motsatira ndondomeko iyi

Phimbani panelo ndi bulangeti kapena katoni, ndipo mafyuzi onse akhale atazulidwa. Yambani ndi batire: mangani mawaya pa malo a kontirola amene ali ndi chithunzi cha batire, kenako pa mitu ya batire, ndipo mulowetse fyuzi ya 15A. Kontirola iyenera kuyaka ndi kuonetsa mavoloti pakati pa 12 ndi 13. Batire imayamba chifukwa kontirola imazindikira kuchokera kwa iyo ngati ikugwira ntchito pa 12V kapena 24V, ndipo kuyamba ndi panelo kungaisokoneze kapena kuiwononga. Sankhani pa kontirola mtundu wa batire yanu monga kabuku kake kanenera.

Vundukulani panelo ndipo muyeze mawaya ake musanawamange, wofiira mukumugunda ku mbali ya panelo ya choikamo fyuzi poti fyuziyo ndi yozulidwa. Mita ionetse mavoloti pakati pa 18 ndi 22. Ikaonetsa chizindikiro cha − kutsogolo kwa nambala, mawaya atembenuzidwa. Phimbaninso, mangani mawaya, lowetsani fyuzi ya 10A, ndipo muvundukule. Dzuwa likakhalapo mavoloti a batire ayamba kukwera pang'onopang'ono kupitirira 13. Pomaliza mangani mizere itatu pa malo olembedwa `LOAD`, n'kumalowetsa fyuzi imodziimodzi mukuyesa mababu. Pomasula zinthu ndondomeko imabwerera chammbuyo: mizere ya pa `LOAD` iyambe kuchotsedwa, kenako panelo, batire ikhale yomaliza.

Chenjezo: mawaya onse awiri a mababu, wofiira ndi wakuda, abwerere pa `LOAD`. Makontirola ambiri otsika mtengo amazimitsira ku mbali ya negetivi, choncho mukalumikiza waya wakuda wa mababu ku batire mwachindunji, kontirola siithanso kuzimitsa magetsi batire ikatsika.

Madzulo yatsani mababu onse, yezani mavoloti pa kontirola, kenako pa babu lakutali kwambiri. Kusiyana kukapitirira theka la voloti, funani sikuluwu yosamangika bwino. Nthawi zambiri malowo amakhala ofunda mukawagwira.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwika chachikulu ndi kulambalala kontirola. Usiku wina kontirola imazimitsa magetsi chifukwa batire yatsika, ndiye wina m'banjamo amasuntha mawaya n'kuwamanga pa batire penipeni kuti magetsi ayakenso. Amayakadi, koma batire imatsitsidwa mpaka pansi usiku uliwonse, ndipo imene ikanatha zaka zingapo imafa m'miyezi. Yezani batire m'mawa dzuwa lisanafike pa panelo, magetsi atazimitsidwa kwa kanthawi: 12.7 ndiye kuti ndi yodzaza, 12.2 ili pa theka, ndipo ngati m'mawa uliwonse mukupeza 12.0 kapena kutsika apo, nyumba ikudya mphamvu yoposa imene panelo ikubweza. Makontirola ena amabwera atatcheredwa kuti azizimitsa pa 10.7, zomwe n'zotsika kwambiri. Ngati yanu imalola kusintha, kwezani malirewo afike pa 11.5 kapena kupitirirapo pang'ono.

Fyuzi ikapsa, ena amaikapo kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Fyuzi yapsa chifukwa pali shoti kapena katundu wachuluka, ndipo kuilowetsa m'malo ndi waya n'kusamutsira motowo m'denga. Ikapsa kawiri motsatizana, zulani mababu a mzere umenewo ndipo mubwereze kuyeza kwa pa gawo 7.

Madzi a pa mjigo, a m'nyanja kapena a pampopi asathiridwe m'batire, chifukwa mchere wake umawononga mbale za mtovu. Thirani madzi a batire ogulitsidwa m'mabotolo okha, ongokwanira kumiza mbalezo, ndipo m'miyezi yotentha muziyang'ana mwezi uliwonse. Asidi saonjezeredwa. Mitu ya batire ikayamba kuchita ufa woyera kapena wobiriwira, masulani, tsukani, mangani mwamphamvu ndipo mupakepo girisi pang'ono.

Musagwiritse ntchito soketi wamba ya mapini atatu pa mzere wa 12V, chifukwa tsiku lina chipangizo cha 12V chokhala ndi pulagi yotere chidzalowetsedwa pa 230V kwa aneba. Momwemonso mababu a 12V amafanana maonekedwe ndi a ESCOM, choncho werengani zolembedwa pa babu musanagule.

Pomaliza pali invata, chipangizo chosandutsa magetsi a batire a 12V kukhala a 230V. Banja likagula wailesi ya kanema, limalumikiza invata pa `LOAD`, ndipo kontirola ya 10A imapsa chifukwa invata ngakhale yaing'ono ya 300W ingakoke maampu oposa 25. Invata imamangidwa ku batire mwachindunji, ndi waya wake wonenepa ndi fyuzi yakeyake, ndipo musanaigule bwererani ku gawo 1 mukawerengenso, chifukwa kanema wa 40W woonera maola anayi akudya 160Wh, pafupifupi mphamvu yonse imene nyumbayi inkagwiritsa ntchito pa tsiku.